Madzi a m'Mabimu

A Rafaelo anali mmisiri amene anthu a m'mudzi wina kufupi ndi Mayani anamudalira kuti awamangire kamlatho kowolotsera ngolo za mbatatesi. Poyeza ankagwiritsa ntchito ndowa imodzi yokha. Pamaziko ankathira ndowa imodzi ya simenti, zitatu za mchenga ndi zisanu ndi imodzi za miyala. Silabu, pamwamba podutsa ngolo, inkafuna imodzi, ziwiri ndi zinayi, pomwe mabimu onyamula silabuyo ankafuna imodzi, imodzi ndi theka, ndi zitatu.

Tsiku lothira mabimu, iwo anaitanidwa kuchipatala kumene akazi awo anagonekedwa. Ntchito anasiyira alamu awo, a Dennis.

"Madzi akhale ochepa, konkiriti ikhale yolimba pafosholo," anatero ponyamuka.

Atabwerera masana anapeza madzi atayandama pamwamba pa mabimu.

"Anthu anatopa, alamu," anatero a Dennis. "Tinaonjezera madzi kuti iziyenda ngati phala. Simenti ndi yomweyo."

A Rafaelo ankadziwa kuti madzi ochulukawo akadzauma adzasiya timabowo m'kati, mphamvu n'kuthera pomwepo. Koma simenti inali itatha, ndipo sanafune kuchititsa alamu awo manyazi pagulu. Patapita masiku anangothira silabu pamwamba pa mabimuwo.

Nthawi yokolola, bimu imodzi inathyoka ngolo ya mlimi wina, a Macdonald, ili pakati pa kamlathoko. Ng'ombe zonse ziwiri zinafera mumtsinje, ndipo a Macdonald anavulala moti sanayendenso.

Ku msonkhano wa mudzi a Dennis anangozyolika. A Rafaelo anaimirira nati, "Ndinaona, koma sindinanene." Chichokereni tsikulo palibe anawapatsanso ntchito.