Masamba Asanu ndi Limodzi mwa Asanu ndi Atatu

Ine sindisaina chinthu chimene sindinachimve. Nchifukwa chake mwana wanga wotsiriza, yemwe timangomutcha Nesi ngakhale sukulu ya unesi sanaimalize, atabwera ndi kontirakiti ya ntchito yosamalira okalamba kunja kwa dziko, ndinati ayi, iyambe yamasuliridwa. Inali m'chinenero cha kumeneko, zilembo zake zina zokhala ndi timichira. Patsamba lomaliza panali mzere wanga, wosaina ine ngati womuimira. Popanda dzanja langa sakanapita.

"Amayi, ejenti amene watipezera ntchitoyi watifotokozera kale zonse," anatero.

"Ejentiyo ndi amalume ako?"

Nesi anajambula masambawo pa foni, ine n'kuwatumiza kwa womasulira wina amene ali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso. Ejenti anali atanena kuti ikafika Lachisanu osasainidwa, malowo apatsa wina. Sabata imeneyo ndinasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada, n'kuphwasula, n'kusokanso chimodzimodzi. Ndikakhala pa makina ndimafuna kuimirira, ndikaimirira sindimadziwa chimene ndaimirira.

Lachitatu ndinakwera masitepe aja ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, chifukwa bipi yanga sigwirizana ndi masitepe. Womasulirayo anali bambo wochepa thupi, wa kolala yotha m'khosi imene ndikanaitembenuza bwinobwino akanandipempha. Anandipatsa envelopu. Pamwamba pa kontirakiti yomasulira anali atamatapo ndi sitepula tsamba lina, lakelake.

"Ichi n'chiyaninso? Ndinalipira kontirakiti, osati kalata."

"Muyambe mwawerenga chimenecho, mayi. Muli zimene ndangoganizira poti panalibe wondiuza, ndi zimene ndikufunsa."

Ndinawerenga chiimirire. Analemba kuti wamasulira kuchokera pa zithunzi za pa foni, pepala lenileni sanalione. Deti lina linalembedwa manambala okhaokha, ndipo iye anatenga kuti nambala yoyamba ndi tsiku, yachiwiri ndi mwezi, monga amalembera kumeneko. Dzina la kampani analisiya momwe liliri. Chidindo chapansi sichimawerengeka, ndiye pamalo pake anangolemba kuti sichikuwerengeka. Zonsezo ndinangogwedeza mutu. Kenaka panabwera mafunso.

Loyamba linati: pansi pa tsamba lililonse palembedwa kuti masamba onse ndi asanu ndi atatu, koma ine ndalandira asanu ndi limodzi. Tsamba lachisanu ndi tsamba lachisanu ndi chimodzi palibe. Kodi muli nawo? Funso lachiwiri linati ndime ya tchuthi ndi ndime ya womuimira zonse zikuti "malinga ndi ndime yachisanu ndi chinayi", ndipo ndime imeneyo iyenera kuti ili m'masamba osowawo. Lomaliza linandikumbutsa kuti pakabuka mkangano, imene idzagwire ntchito ndi kontirakiti ya m'chinenero chawo, osati yomasulirayi, ndiye kodi pali loya amene waiona?

Mutu unatentha. "Ejenti uja ndi wakuba! Wachotsa masamba."

"Sindinanene choncho."

"Nanga mukuti chiyani?"

"Ndikuti sindinawalandire."

Anthu ena amakwiyitsa ndi kufatsa kwawo. Ndinamufunsa kuti ndisaine kapena ndisasaine, iye n'kuti chidindo chake chimangotsimikiza kuti wamasulira mokhulupirika zimene wapatsidwa, za kusaina si zake. Ndinatsika masitepe osatsanzika.

Ndinafuna kukwera minibasi kupita kwa ejenti ndikam'tukwane pamaso pa atsikana onse amene amakhala pa benchi pake. Ndinafika mpaka pa siteji. Koma ndinati ndiyambe ndatenga pepala lenilenilo kunyumba, ndikam'ponyere patebulo akawerenge yekha masamba ake. Ndinapeza Nesi akusita kukhitchini.

"Bweretsa kontirakiti ija. Tikupita kwa ejenti wakoyo pompano."

"Kukatani, amayi?"

Ndinam'patsa tsamba la womasulira. Anawerenga, simbi ili chiimire pa bulauzi mpaka ndinaichotsa ndine. Sanadabwe. Mwana ndinam'bala ndekha, nkhope yake yodabwa ndimaidziwa, ndipo sinali imeneyo. Analowa kuchipinda n'kubwera ndi masamba awiri opindidwa kanayi.

"Ejenti anandipatsa onse," anatero. "Awa sindinawajambule."

Ndinakhala pa mpando wopanda chotsamira. Ndinafuna kum'menya mbama, mtsikana wamkulu wa mabere ake, ndipo ndinachita mantha ndi mmene ndinafunira.

"Muli chiyani?"

"Ndinaika pa foni kuti indimasulire. Sizimamveka zonse."

"Zimene zinamvekazo."

"Akuti zaka ziwiri zoyamba palibe kubwera kumudzi. Ngakhale kwagwa zovuta, amaloleza ndi abwana, akafuna. Ndikachoka ndekha, tikiti ndi maphunziro mubweza ndinu."

"Ndiye unaopa kuti ndikana chifukwa cha kubwezako?"

Anapukusa mutu. Anayang'ana pa shelefu pamene pamakhala botolo la mapiritsi anga, n'kuyang'ananso pansi.

"Ndimaopa kuti muwerenga kuti mukadwala sindibwera, kenaka muona kuti ine ndavomera."

Ndinanyamuka. Ndinatenga masamba aja, n'kuvala nsapato, n'kubwerera kwa womasulira. Masitepe omwe aja, kawiri tsiku limodzi. Ndinawaika pa desiki yake osanena kumene achokera, iyenso sanafunse. Anaona manambala apansi, n'kulowetsa masambawo pakati pa anzawo, n'kuti ndibwere mawa masana.

Mawa lakelo sindinasoke kanthu. Ndinasesa shopu yosesa kale. Kasitomala wa diresi uja atabwera ndinam'kalipira ngati walakwa ndiye.

Foni ya Nesi sinaname, koma inasiya zina. Nditapitanso masana, womasulira anandionetsa ndi chala kuti ndalama zobwezazo zimachepa mwezi uliwonse umene wagwira, ndipo zikatha zaka ziwirizo womuimira amamasuka. Za tchuthi zinali momwemo. Tsamba lake lapamwamba linali latsopano, lalifupi. Mafunso awiri aja anali atachotsa. La loya linalipobe, ndipo anawonjezera limodzi: ndimeyi ikuti "zovuta za pabanja" koma sikutchula kuti ndi ziti, ndiye mufunse olemba ntchito ngati matenda kapena maliro a kholo akuwerengedwa, ndipo ayankhe polemba.

"Inuyo muli ndi ana?" ndinam'funsa.

"Awiri."

"Mukanasaina?"

"Ndikanayamba ndafunsa funso limenelo."

"Akayankha kuti ayi?"

Anakonza mapepala amene anali okonzeka kale. "Pamenepo sindikudziwa, mayi."

Funsolo tinalitumiza kudzera kwa ejenti madzulo omwewo. Lachisanu m'mawa yankho linabwera, mizere iwiri, ndipo womasulira anandiwerengera pa foni: nkhani iliyonse amaiona payokha, sangalonjeze.

Nesi anali ataima pakhomo la shopu, envelopu ili m'manja, osalowa, osachoka. Ndinakwiya naye, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe wonse. Koma ndinaganiza za zaka zimene wakhala pakhomo akundiwerengera mapiritsi, anzake akupita.

"Bweretsa kuno."

Ndinasaina pa tebulo lodulira nsalu. Ndisanam'bwezere cholembera ndinam'gwira dzanja.

"Tamvera. Ukadzamva kuti ndagonekedwa m'chipatala, usadzapemphe chilolezo kwa munthu, usadzathawenso ntchito. Ndakuloleza ine lero kuti usadzabwere, ndili ndi nzeru zanga. Wamva?"

Anayamba kulira, ine n'kumuuza kuti akalirire m'minibasi, ofesi ya ejenti amatseka msanga Lachisanu.