Imelo Iliyonse Ikhale ndi Mwini Wake

Chitsulo chimene bamboyo analowa nacho mu ofesi chinali chathu chomwe. Chinali chidutswa cha chogwirira cha pamasitepe a nyumba ina yansanjika, imodzi mwa nyumba zalendi zimene kampani yathu imayang'anira. Mlonda anayesa kumutsekereza pakhomo, koma analandira chigongono pakamwa n'kukhala pansi akulavula magazi.

"Ndikufuna amene amayankha maimelo," anatero bamboyo. Anali atavala ovololo yobooka ndi moto wa kuwotcherera. "Mkazi wanga wagwa kuchokera pansanjika yachitatu. Msana wathyoka. Ndinalemba katatu."

M'chipindamo tinalimo anthu atatu: ine, abwana, ndi mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amene ntchitoyo ndinachita kumupemphera ndine. Madandaulo onse a anthu okhala m'nyumbazo amagwera m'bokosi limodzi la maimelo limene tonse timatsegula. Kale zinali chipwirikiti. Imelo ina tinkayankha awiri, ina osayankhidwa ndi aliyense. Ndiye abwana analemba memo n'kuimata pakhoma, pamwamba pa pulinta. Imelo iliyonse iyankhidwe pasanathe maola awiri. Woyamba kuitsegula aikepo dzina lake, ndipo nkhaniyo ndi yake mpaka ataitseka. Imelo yokhala ndi dzina la mnzako usaikhudze. Ukafuna kumupatsira wina, muuze kaye, avomere.

Lamulo labwinobwino, sindikunama. Koma mlamu wanga anaonamo mpata. Iye ankathamangira kuika dzina lake pa maimelo ambirimbiri, n'kuyankha mzere umodzi wokha: "Talandira uthenga wanu, tikudziwitsani." Basi, maola awiri aja wawakwanitsa. Pa lipoti la Lachisanu lililonse ankakhala nambala wani, mpaka tinamupatsa dzina loti Talandira. Ankasekerera, chitsiru, kumaona ngati n'kumutama.

Ine ndinayesapo kamodzi kulowerera. Mpopi unaphulika kwa walendi wina, imelo ili pa dzina la mlamu, ine n'kuitana pulambala. Tsoka ilo nayenso tsiku limenelo anaitana wake. Mapulambala awiri anakumana pakhomo limodzi n'kuyamba kutukwanizana, ndipo kalata yochenjeza inabwera kwa ine. Kuyambira pamenepo ndinasamba m'manja. Kukamuneneza mlamu kwa abwana sindikanatha, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Choncho maimelo a wowotchererayu ndinawaona. Yoyamba inati chogwirira chikugwedera. Yachiwiri inati mabawuti awiri athothoka. Yachitatu inali ndi chithunzi, ndi mawu oti ngati tikufuna atha kuwotcherera yekha, tingomupatsa chilolezo. Onse atatu analumikizana pansi pa dzina la mlamu wanga, ndipo ine ndinkawerenga n'kupitirira.

"Bambo, khalani pansi tikambirane," anatero abwana, manja ali m'mwamba.

Chitsulo chinatera pa pulinta. Galasi linamwazika mpaka pamapazi anga. Kenako anawagwira abwana pa tayi n'kuwakokera pa desiki yawo, chipumi chawo n'kugunda kiyibodi.

"Tsegulani. Ndione."

Abwana anatsegula, magazi akudontha kuchokera pa nsidze. Anapeza maimelo aja. Ndipo atapanikizika anayamba kufotokoza memo yawo ngati ali pamsonkhano.

"Pano imelo iliyonse ili ndi mwini wake, bambo. Si ine ayi. Onani, dzina ili apa."

Bamboyo anawerama n'kuwerenga dzinalo mokweza. Linali langa.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinacheuka kuyang'ana mlamu wanga. Iye maso anali pa nsapato zake. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti foni yochokera kwa woyang'anira nyumba yansanjika ija inalira m'mawa, anayankha ndi iyeyo, ndipo atangoiika anayamba kudinadina pakompyuta.

"Ndi ndani ameneyu?" anafunsa bamboyo.

Abwana anandiyang'ana, ndipo zinakwana.

Ndinayesa kuimirira, mpando n'kundikola. Bamboyo anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa pa kabati ya mafayilo. Khutu linalira. Ndinatchinjiriza nkhope ndi dzanja lamanja, chitsulo n'kutera pomwepo. Ndinamva zala ziwiri zikuthyoka ndisanamve kuwawa kwake.

"Talandira uthenga wanu!" anakuwa. "Munalandira? Munalandira chiyani?"

Anandiponda m'nthiti. Ndili pansipo ndinkaona miyendo ya mlamu wanga kuseri kwa desiki. Sinasunthe. Munthu amene ndinavina pa ukwati wake mpaka nsapato kuduka, amene ana ake amanditcha amayi aakulu. Ukali umene unandigwira unaposa ululu. Ndinalakalaka atafa, ndipo sindikubisa.

"Dikirani," ndinatero. "Pali mbiri yake. Kompyuta imasunga."

Mwina mawu oti kompyuta ndi amene anamuimitsa. Anandisiya kuti ndikwawe mpaka pa desiki ya abwana. Ndinagwira mausi ndi dzanja lamanzere, linalo ndalipanira m'khwapa. Ndinaphonya kawiri ndisanadine pamene pamaonetsa zonse zimene zachitika pa imelo. Mizere inatuluka, tsiku ndi nthawi yake. Woika dzina koyamba, masabata atatu apitawo: mlamu wanga. Woyankha: mlamu wanga. Wosintha dzina kuika langa, lero, patapita mphindi khumi itakwana naini koloko: mlamu wanga.

Ndinali ndi mpata wokumbukira mng'ono wanga ndi ana ake awiri. Ndinawakumbukiradi. Kenako ndinaloza.

"Ndi uyo."

"Alamu!" anafuula Talandira. "Alamu, ndimafuna ndikuuzeni, ndimati mundithandize!"

Anathamangira kuchitseko, koma chitsulo chinamupeza kuseri kwa bondo. Anagwa chafufumimba. Kachiwiri chinatera paphewa, kachitatu pansagwada, ndipo kulira kwake kunasintha, kunasanduka kukhosomola. Abwana anali atalowa pansi pa desiki akunong'oneza apolisi pafoni. Ine ndinali pafupi kuposa aliyense. Ndikanatha kugwira mkono uja, kapena kungokuwa kuti zakwana. Ndinangoima, n'kumayang'ana mano a mlamu wanga pamatailosi.

Bamboyo analeka yekha. Chitsulo chinamupulumuka, iye n'kukhala pansi atatsamira khoma, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali. Anayang'ana manja ake kwa nthawi. Kenako anayang'ana dzanja langa, limene linali litatupa kale, zala zitaloza kolakwika.

"Pepani mayi," anatero, mawu atazilala. "Ndakulakwirani. Inu mulibe mlandu."

Kunja kunayamba kumveka sayilini.

"Akuti mwina sadzayendanso," anapitiriza. "Ndikanawotcherera ndekha, mphindi makumi awiri basi. Ndimadikira munthu mmodzi yekha andiuze kuti chitani." Anapukuta mphuno ndi mkono wa ovololo. "Kodi bokosilo mumaliona nonse? Inuyo makalata anga aja munawaonapo?"

Abwana anasuzumira kuchokera pansi pa desiki. Mlamu wanga anali kubuula pakhomo, diso limodzi lili pa ine.

"Ayi bambo," ndinatero. "Sindinawaone."

Bamboyo anagwedeza mutu, wandikhulupirira. Apolisi atamuimiritsa n'kumumanga unyolo, anawapempha kuti ayambe andithamangitsira ine kuchipatala.