Nkhope ya Alamu

"Ine ndikangotulukira pakhomo paja, anthu adzakomoka muholo. Uwauze a vuto la mtima asadzabwere."

A Mlembi anamva mawuwa ali m'khitchini, akukhoma bulangete pawindo kuti masana aoneke ngati usiku. Alamu awo anali pakhonde, akulankhula pafoni ndi munthu amene sanapatsidwe mpata woyankha. A Mlembi anachotsa msomali pakamwa ngati anena kanthu, kenako anaubwezerapo.

Pakati pa sabata a Mlembi ankagulitsa inshuwalansi, koma mukawafunsa ntchito ankati ndi mlembi wa mafilimu, ndipo ankavala sikafu ngakhale kutenthe. Filimu yawo yoyamba ndi imene inkajambulidwa tsikulo: yaifupi, yoopseza, ya mpikisano umene unkatseka mawa lake. Nyumba inali ya alamuwo. Anaibwereketsa kwa tsiku limodzi, ndipo mtengo wake anaunena pamaso pa akazi awo, achemwali a a Mlembi: "Nkhope yanga ioneke." A Mlembi analonjeza. Ndiye patsamba lomaliza analemba kuti CHINTHU CHIJA CHITULUKIRA, NCHOOPSA KWAMBIRI, n'kukagona poganiza kuti ntchito yatha.

Gulu linali la anthu atatu. Diso, mayi wojambula maukwati, anali pakamera. Makutu anali wa mawu. Wosewera anali namwino amene anali pa ofu, ndipo aliyense ankangomuti Anesi.

"Filiji izime," anatero Makutu. "Ikung'ung'udza. Tikamadzalumikiza zidutswa izimveka kudumpha. Alamu, makiyi a galimoto."

"A chiyani?"

"Tiika mufilijimo. Simungachoke osawatenga, ndiye wina akumbukira kuyatsanso. Tinaoletsapo nyama ya eni ake."

Atazula pulagi, khitchini inangoti zii, moti Anesi anasiya chiganizo pakati. Palibe amene ankadziwa kuti filijiyo imamveka mpaka italeka.

Anayamba. Anesi ankatsuka kapu pasinki. Chitseko chinatseguka, alamu n'kulowa: nkhope yopaka zoyera, mano apulasitiki, malaya ali chonyowa ndi madzi a shuga osakaniza utoto wofiira. Anakweza manja n'kubangula.

Anesi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira m'mimba ndi kuseka.

"Pepani bambo," anatero akupukuta misozi. "Koma mwavulala kapena mwagwera mu jamu?"

Anabwereza. Anabwerezanso. Ulendo wina mano anagwa. Ulendo wina Anesi anapirira mpaka pamapeto, koma kamera ndi imene inkagwedezeka, chifukwa Diso ankaseka chamumtima. M'nyumbamo munkatentha ngati mu uvuni. A Mlembi ankangozungulira tebulo, kumasula sikafu, kumanganso, kuyang'ana wotchi. Achemwali ankaweruka madzulo, ndipo ananeneratu kuti adzapeze khitchini yawo ili khitchini.

Diso anawakokera pambali. "A Mlembi, iyi ikaseketsa anthu."

"Tiwonjezere magazi?"

"Muwonjezera nyerere. Onani kolala yawo. Chinthu ukachiona chonse umayamba kuchiyeza: nchachitali bwanji, mimbayo bwanji, kodi si bambo aja ogulitsa matayala? Mantha athera pomwepo."

A Mlembi anafuna kunena kuti patsamba palembedwa kuti nchoopsa kwambiri, koma anazindikira kuti kamera siwerenga.

Alamu anapita kubafa kukachotsa nyerere. Makutu anati poti apuma, ajambuliretu bata la chipindacho, loti adzatsekere mipata polumikiza. "Aliyense aime pomwe ali. Osatsokomola, osameza malovu."

Anaima. Kunja galimoto inadutsa, n'kuzimirira. Ndiye kuchokera mukolido munamveka kanthu. Khwee, pha. Khwee, pha. Chinkabwera mosafulumira. Chitafika pafupi ndi chitseko chinaima.

Sichinalowe.

A Mlembi anaona Anesi, mayi amene amasoka mabala a ngozi akudya chingamu, atafinya kapu, khosi litauma, akukana kutembenuka. A Mlembi nawonso ubweya wa m'mikono unali utaima, chonsecho ankadziwa bwinobwino kuti ndi alamu awo, amene patapata wawo mmodzi anaduka lamba ndipo amachita kumukoka. Alamuwo anaima pakhomopo chifukwa anaona Makutu atakweza chala.

"Basi," anatero Makutu.

A Mlembi anali atatembenuza kale tsamba lomaliza, akulemba kumbuyo kwake pamwamba pa filiji. Anafufuta mawu onse onena mmene munthu akumvera, n'kusiya zokhazo zimene diso lingaone ndi khutu lingamve. Filiji ikung'ung'udza. Mayi akutsuka kapu. Filiji ileka. Mayi aima. Mapazi mukolido.

"Filijiyo tingaisiye yoyaka?" anafunsa.

Makutu anakwinya nkhope. "Ngati tijambula kamodzi osadula, palibe cholumikiza. Wina azule pulagi ndikakweza dzanja."

"Ine ndimuika Anesi kumapeto kwenikweni kwa chithunzi," anatero Diso, akusuntha kamera. "Mbali yonse iyi ikhale ya chitseko, chotsekula pang'ono, mkati muli mdima. Anthu aziyang'ana pamenepo okha, kudikira. Mapazi akaima sindidula. Ndikhala pomwepo mpaka wina apemphe."

"Nanga ndinene chiyani?" anafunsa Anesi.

A Mlembi anali atalemba mizere isanu yofotokoza amene akubwera, chaka chimene anafa ndi chimene akufuna. Anaiyang'ana mwachisoni, poti inali mizere yokongola, n'kuikhwatcha.

"Mungoti, 'Ndinu?' Osatchula dzina."

"Ndani?"

"Inu mukumudziwa. Oonera ayi."

Kwa alamu anangonena kuti ayende mukolido monga anayendera, akafika pachitseko aime, adikire kuitanidwa. Sanawaitane. Alamu anaima kuseri kwa chitseko, manja ali m'mwamba, mpaka Diso anati zatheka.

Anaonera pakagalasi ka kamera, mitu itagundana. Alamu anaonera mpaka pamapeto, n'kupempha kuti abwereze, mwina anaphethira.

"Ine ndili pati?"

"Mapaziwo ndi anu, alamu. Filimu yonse yaima pa inu."

"Yaima pa patapata." Anavula mano n'kuwaika patebulo. "Ndauza anthu a kuntchito. Ndauza abusa. Ndikawauze kuti amvetsere phazi lakumanzere? Chotsani mabulangete anu. Chimene mwajambula m'nyumba mwanga sichituluka, ndipo ndikamabwera ndisakupezeni."

Anatuluka mwaulemerero, n'kumenyetsa chitseko. Panapita kanthawi. Kunamveka kusisita matumba pakhonde, kenako khwee, pha, khwee, pha, kubwerera. Analowa osayang'ana munthu, natsegula filiji.

Apo ndi pamene achemwali anafika, ndi anzawo awiri a kuntchito amene anabwera kudzaona akatswiri. Anapeza amuna awo ali ofiira ngati ophedwa, mutu uli mufiliji, ndi mchimwene wawo atagwira sikafu ngati chingwe cha mbuzi.

"Ndimve mmodzimmodzi," anatero, akuika chikwama pansi.

Atamva, anati aone. Diso anawapatsa kamera, Makutu n'kuwaveka zomvera m'makutu mosinthana. Mnzawo woyamba, filiji italeka, anati "Mayo," n'kuyang'ana filiji yeniyeniyo. Wachiwiri anapirira mpaka mapazi ataima, kenako anayamba kukalipira galasi: "Tsekani chitsekocho, mayi inu! Mukufunsa chiyani?" Atavula zomverazo anafunsa kuti kodi anali ndani, ndipo atauzidwa kuti filimu yathera pomwepo anati ndi nkhanza.

Achemwali anaonera nkhope ili gwa.

"Patapata ameneyu ndinati atayidwe chaka chatha," anatero. "Koma filimu ndi imeneyi. Zofiirazi ayi." Alamu anatsegula pakamwa, koma mayiwo anali asanamalize. "Inunso achimwene, musamwetulire. Munalonjeza ine ndili pompo. Munati nkhope. Munthu wakupatsani nyumba, wadyedwa ndi nyerere. Mupereke nkhopeyo, apo ayi kakadi ka m'kameraka katsala m'chikwama changa."

Maso onse anali pa a Mlembi. Thukuta linkatsikira m'sikafu. Akalowetsa alamu pachitseko, filimu yafa. Akawakana, filimu sichoka m'nyumba muno, ndipo iwo sadzalowamonso. Anayang'ana kagalasi kaja, pamene chithunzi chinaima: Anesi kumapeto, chitseko, ndi khoma loyera pakati pawo, lopanda kanthu.

"Alamu, muli ndi chithunzi chanu chabwino? Cha suti?"

"Cha chiyani?"

"Tikhoma apa, pakati pa Anesi ndi chitseko. Mapazi akaima, Anesi ayang'ane chithunzicho kaye, kenako chitseko, ndiye afunse."

Diso anatseka diso limodzi n'kuyeza khomalo ndi zala. "Chikwana. Chingokhala chosawala kwambiri, anthu achizindikire mochedwa."

Alamu anatembenuka. Anapita kuchipinda chochezera, n'kubwera atanyamula chithunzi chachikulu cha felemu yagolide, chimene anajambulitsa atasankhidwa kukhala wapampando wa ogulitsa matayala. Msomali anakhoma okha. Anakana kuti chikhale chopendekeka, ngakhale Diso anachonderera.

Anajambulanso, alendo atakhala pansi kuseri kwa kamera, atagwira pakamwa. Filiji inang'ung'udza, n'kuleka. Mapazi anabwera, n'kuima. Anesi anakweza maso kwa bambo wa suti womwetulira pakhoma, nawatsitsira kumdima wa pachitseko.

"Ndinu?"

Diso anadikira mpaka mmodzi wa alendo anayamba kugwedeza bondo, ndiye anadula.

Alamu anatulukira, n'kuonera kawiri.

"Ndikuoneka nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira poyamba mpaka pomaliza," anatero Diso. "Anesi amatipatsa nkhongo nthawi zambiri. Inu mwayang'ana kamera filimu yonse."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene zinthu zayenda monga anakonzera. Kenako anakwinya pamphumi.

"Dikirani. Ndiye kuti m'filimumu ine ndinamwalira?"

"Filimu sikunena, alamu."

"Koma inu mukudziwa."

"Ndinakhwatcha."

Alamu anatembenukira akazi awo ndi alendo aja. "Mwaona nonse. Anati nkhope, nkhope ndi iyo. Ine ndi mlamu wanga tathana." Anatambasula dzanja, a Mlembi n'kulilandira, ndipo chifukwa cha shuga uja zinatenga kanthawi kuti alekane.