Invoisi ya Malemu

Mwana wanga wamkazi ankadyera foni. Ankaiimika pa kachitsulo ka miyendo itatu, n'kuyatsa nyali yozungulira ngati mphete, n'kumalankhula yekha m'chipinda. Ine ndinkati ndi misala, koma lendi ankalipira ndi misala yomweyo.

Ntchito yake yomaliza inali ya kampani ina yogulitsa matiresi. Mu vidiyoyo amadziponya pa matiresi, n'kuseka, n'kunena kuti, "Pano musandidzutse." Akampani atavomereza, iye anawatumizira invoisi, pepala loitanitsira malipiro. Sabata yotsatira anadandaula mutu. Kuchipatala sanabwereko.

Tinaika maliro, koma vidiyo ija sinaikidwe. Ndinkaimva m'basi pa foni ya munthu wosamudziwa. Ndinkaimva kometetsa. Mdzukulu wanga wa zaka zinayi akangomva mawuwo kwa aneba, ankathamangira kuchipinda n'kukagwedeza bedi lopanda munthu. "Amayi, dzukani basi!" Anasiya kudya. Ine sindinkafuna ndalama za anthu amenewo. Ndinkafuna aichotse vidiyoyo, mwanayu aiwale ngati mmene ana amaiwalira.

Mkamwini wanga anasindikiza invoisi ija n'kundiwerengera, poti maso anga anatha. Panali nambala, tsiku, dzina la kampani, ntchito yake: vidiyo imodzi yotsatsa malonda, yatha. Panali mtengo, ndi akaunti ya bizinesi imene awiriwo ankasungira limodzi. M'munsi munali mawu a pangano lawo: alipire pasanathe masiku makumi atatu. Akalipira, vidiyo aigwiritse ntchito chaka chathunthu. Akalephera, aichotse paliponse.

"Apongozi, apa ndiye pothawira," anatero. "Makampaniwa salipira osakumbutsidwa. Tingokhala chete, tsiku lidutse."

Ndinamuyang'ana. Munthu amene dzina lake lili pa akaunti akamakuuza kuti ndalama sakuzifuna, umagwira thumba lako. Foni ndi kompyuta za malemu ndinazitsekera m'sutikesi yanga, kiyi n'kumangirira m'chiuno.

Tsiku lija litadutsa, ndinavala jekete n'kupita ku ofesi yawo. Munali mozizira ngati m'mochale, matiresi okutidwa ndi pulasitiki ataima m'mbali mwa khoma. Anandilozera kwa mayi wina wowerengera ndalama, wa magalasi pamphumi.

"Ndine bambo ake a mtsikana wa mu vidiyo yanu. Tsiku lanu ladutsa. Muichotse."

Anatsitsa magalasi, n'kugogoda pa kompyuta.

"Bambo, talipiratu dzulo masana. Tinatsala pang'ono kuiwala, koma anatikumbutsa okha."

"Ndani?"

"Mwana wanuyo. Sachedwatu pa ndalama ameneyo, anatengera inu kapena?" Anaseka.

Ananditembenuzira kompyuta n'kundiwerengera. Uthengawo unachokera pa imelo yake, dzina lake lili pamwamba. "Moni amayi. Ndangoti ndikukumbutseni kuti invoisi yanga ikutha mawa. Musandiiwale."



"Amayi, mwana wanga tinamuika m'manda mwezi uno usanayambe."

Kuseka kuja kunauma. Anakankhira mpando kumbuyo pang'ono, ngati kompyutayo ikutentha.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri, sitinamve. Ndi makina amenewo. Ambiri amatchera kuti chikumbutso chizipita chokha, ngakhale foni itazima."

"Makina amati musandiiwale?"

"Amalemberatu mawuwo mwiniwake."

Mwina ndi zoona. Mwinanso mkamwini ankadziwa mawu achinsinsi olowera. Anthu ophunzirawa chilichonse ali nalo yankho, ndipo yankho lake limakomera iwo.

"Ndikubwezerani ndalama zanu zonse," ndinatero. "Muichotse basi. Kunyumba kuli mwana."

"Ine ndimangolipira, bambo. Zochotsa ndi za abwana a zotsatsa, ndipo ali ku tchuthi. Lembani kalata, ndiwapatsa ndekha. Koma ndisakunamizeni, vidiyo imeneyi ndi imene ikugulitsa kwambiri, ndipo pepala likuti chaka."

Chaka. Mdzukulu wanga adzayamba sukulu amayi ake akadali kuseka m'matumba a anthu.

Anandipatsa pepala ndi cholembera. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zanga zokhota. Ndisanamalize mzere woyamba, kompyuta ija inalira kamodzi.

Mayi uja anayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Werengani," ndinamuuza.

"Bambo, ndi makina omwe aja. Ndalama zikalowa..."

"Ndati werengani."

Anawerenga motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Zikomo, ndalandira. Mukafuna vidiyo ina, ndilipo."