Mzele Wokhwatchidwa

A Sakala, kalipentala wokalamba wa ku Nyimba, sakonda kulemba, koma amai Olipa Mumba atapempha mtengo wa wadilopu papepala, anang'amba tsamba m'kope. Mvula inali pafupi, a Sakala asanagule feteleza.

"Mapulanga a mukwa asanu ndi limodzi, K900. Misomali makilo awili, K120. Guluu, mahinjesi ndi vanishi, K280. Nchito ya manja, K700. Zonse pamodzi, K2,000."

Amaiwo anapinda kalatayo bwinobwino. "Ndikaonetse abambo kunyumba."

Sabata isanathe, a Sakala anaona ngolo ikutsitsa mapulanga kwa a Mumba. Mtima unakhala pansi, anayamba kunola sowo.

Koma amene anabwela ndi Ricky, mlamu wa amaiwo, munthu wosapangapo ngakhale mpando, kalata ija ili m'manja. Mzele wa nchito ya manja unali wokhwatchidwa ndi bolopeni.

"Bambo, tagula zonse monga munalembela, ndipanga ndine. Tibwelekeniko sowo. Komanso simunalembe kutalika kwa zitseko."

A Sakala anapachika sowo pamsomali, tepi naiponya m'thumba.

"Kutalika kwa zitseko kunali mumzele mwakhwatchawo. Kawauze alamu ako."