Nyenyezi pa Pepala la Lestina

Esnat, namwino wa pachipatala cha esiteti ya tiyi, adangochokapo masiku awiri kupita ku maliro ku Thekerani, koma pobwera adapeza zinthu zasokonekera. Envulopu ya zotsatira za magazi a anthu ofuna ntchito yothyola tiyi idali itachoka m'kabati mwake. Adaitenga ndi a Winston, kalaliki wolemba anthu ntchito, ati mvula yayamba, tiyi waphuka, sangadikire maliro a eni.

Mwambo wa pa esitetiyo udali wodziwika. Namwino amapima munthu, n'kulemba mawu amodzi okha opita ku ofesi: ali bwino, kapena adikire. Manambala amatsala kuchipatala. Koma a Winston, amene chiyambire sadagwirepo ngakhale jakisoni, adakhala pampando wawo n'kuyamba udokotala. Makina opimira magazi amaika kanyenyezi pambali pa nambala iliyonse yotsika, ndiye iwo aliyense wa nyenyezi ziwiri adamudula pa mndandanda ndi bolopeni yofiira. Ndipo pakamwa pawo padalibe chitseko. Pofika madzulo mizere yonse ya nyumba za antchito idali itamva kuti odulidwawo ali ndi kachilombo.

Lestina, mayi wa ana atatu wochokera ku Khwethemule, adali mmodzi wa iwo. Adafika kuchipatala maso ali gwa, misozi itamuthera.

“Anesi, zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthyola pano. Dengu langa silinapepukepo. Lero akuti magazi anga ndi oola. Ana anga adya chiyani dzinja lino?”

Esnat adatsegula buku lake la kuchipatala, mtima n'kumuwawa. Lestina adapezeka ndi malungo Lolemba, adayamba kumwa mankhwala a LA tsiku lomwelo, ndipo magazi a ntchito adatengedwa Lachitatu, mankhwala asanathe n'komwe. Mapulatileti, tizidutswa tija timathandiza magazi kuundana munthu akadzicheka, adali 88. Mlingo wa magazi udali 10.1. Munthu wa malungo a dzana ungayembekezere chiyani?

Sadathamangire ku ofesi tsiku lomwelo, ngakhale miyendo inkamuyabwa. Mndandanda unkatsekedwa pakutha pa mwezi, nthawi idalipo. Adapaka dontho la magazi pagalasi n'kuyang'ana yekha pa maikulosikopu, chifukwa nthawi zina mapulatileti amaunjikana m'botolo makina n'kuwerenga ochepa. Adamufunsa Lestina ngati akutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno, adati ayi. Maselo ofiira adali aang'onoang'ono, otuwa, chizindikiro cha kuperewera kwa ayironi, choncho adamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi mapiritsi owonjezera magazi. Patatha sabata ziwiri adamupimanso. Mapulatileti 214, magazi 10.6.

Ndi mapepala awiriwo adalowa mu ofesi ya a Winston osagogoda. Panja, pawindo lotsegula, amayi ankadikira madengu awo.

“A Winston, mudaphunzira kuti kuwerenga magazi?”

“Sisitala, musandinyoze. Makina sanama. Nyenyezi ndi nyenyezi. Ndipo aliyense amadziwa kuti matenda aja amamaliza magazi.”

“Amamalizadi, sindikukana,” adatero Esnat mwaukali. “Kachilombo kamasokoneza chitetezo cha thupi mpaka thupi limayamba kuphwanya mapulatileti ake omwe. Kamafooketsa mafuta a m'mafupa, komwe magazi amapangidwa. Thupi lodwala nthawi yaitali limatsekera ayironi osamugwiritsa ntchito, ndipo mankhwala ena amatsitsanso magazi. Koma malungo nawo? Tizilombo take timalowa m'maselo ofiira n'kuwaphulitsa. Kapamba amatupa, n'kumakola maselo odwala ndi abwino omwe, mapulatileti n'kutsakamira momwemo. Mafupa nawo amayamba ulesi. Ndiye inu mukupima anthu mu Disembala, udzudzu uli ponseponse, mukudabwa nyenyezi?”

“Ndiye makinawo adawagulira chiyani?”

“Kuti awerenge, osati aganize. Malire ali m'menemo, 150 ya mapulatileti ndi 12 ya magazi, adayezera anthu a kunja omwe sadalumidwepo ndi udzudzu wa malungo. Kuno munthu wabwinobwino amatha kukhala pansi pang'ono pa malirewo. Nambala ikatsika kwambiri timafunsa chifukwa, timachiza, timabwereza. Onani apa. Malungo atatha, mapulatileti abwerera sabata ziwiri zokha. Magazi amakwera pang'onopang'ono, koma akukwera. Pepala ili silinena za kachilombo. Kachilombo kali ndi kupima kwakekwake, munthu atafuna yekha.”

A Winston adatsamira mpando, n'kumwetulira ngati munthu wagwira mbava. “Chabwino. Ndiuzeni poyera kuti Lestina alibe, ndimubwezera.”

Apa Esnat adaluma mlomo. Ankadziwa yankho, poti Lestina adadzipempha yekha kuyezetsa, ndipo yankholo likadathetsa mlandu pomwepo. Koma akanena la Lestina lero, mawa amufunsa la wina, ndipo kukhala chete kwake kudzakhala yankho.

“Zimenezo si zanu. Ngakhale lamulo silikulolani kufunsa.”

“Basi, mndandanda ukhala momwemo.”

Ndipamene mawu adalowera pawindo. Adali a Magdalena, mayi wamkulu amene adaphunzitsa theka la amayi aja kugwira nsonga ya tiyi, ndi Lestina yemwe.

“Achimwene, tatulutsani pepala langa.”

A Winston adafufuza monyinyirika. Mapulatileti 260, magazi 13.2, popanda nyenyezi ngakhale imodzi.

“Limenelotu ndiye pepala la munthu wathanzi,” adatero a Winston akulikupiza m'mwamba kuti onse aone.

“Eya. Ine ndakhala ndikumwa ma ARV zaka zisanu ndi zinayi, tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Amene mukumusakayo ndine, ndipo mwanena nokha kuti ndili bwino. Mwana wa eni wangodwala malungo mwamuyalutsa mizere yonse. Manyazi mulibe?”

A Magdalena adapisa dzanja pawindo n'kulanda pepala lawo lija. Esnat adamva kutentha m'maso. Chinsinsi chimenecho adachisunga zaka zonsezi ngati dzira, ndipo mwini wake adachiswa yekha pofuna kupulumutsa mnzake. A Winston adayang'ana pansi, n'kung'ung'udza kuti aona chochita.

M'mawa mwake mndandanda watsopano udakhomedwa pa bolodi la pa sikelo. Esnat adapita kukauona asanatsegule chipatala. Onse odulidwa aja adali atabwezedwa, ndipo dzina la Lestina lidali pa nambala 17. Mtima wake udakhala pansi. Kenako chala chake chidatsika mpaka pansi, n'kukweranso, n'kutsikanso. Dzina la a Magdalena padalibe. M'mphepete mudalembedwa ndi bolopeni yofiira ija kuti malo adzaza, okalamba apume.

Okalamba! Mayi wodzaza dengu achitsikana asanafike pakati!

Lestina adali ataima pambuyo pake, dengu latsopano lili kumsana. Adawerenga nayenso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Kapitawo adaliza wezulo, amayi adayamba kulowa m'mizere ya tiyi, koma iye sadasunthe. Adavula dengu lija, n'kuliika pansi pa bolodi.

“Anesi, ofesi ya zantchito ku boma amatsegula nthawi yanji?”

Esnat adazula mndandanda uja pa msomali, n'kuupinda kanayi.

“Tikadutsira kwa a Magdalena,” adatero. “Pepala lawo lija tilitenge.”