Khola Lopanda Nkhuku

Apu ya pafoni yowerengera mazira, imene ine ndi achimwene tinapangira mlimi wina, inkangodzitseka. Achimwene analumikiza foni ku kompyuta n'kunditumizira chithunzi cha logcat, pomwe foni imalemba zolakwika za apu, mizere yofiira yokhayokha.

"Ndi batani latsopano lija unaika mu apuyi," anatero. "Lichotse."

Mtima unandipsa, koma ndinakulitsa chithunzicho. Pansi pa FATAL EXCEPTION panalembedwa ArithmeticException: divide by zero, kutanthauza kugawa ndi ziro. Mzere wotsatira unatchula fayilo, mzere 58.

"Achimwene, fayilo imeneyi analemba ndani?"

Anali atailemba iwowo.

"Mukugawa mazira ndi chiwerengero cha nkhuku. Muimbireni mlimiyo, mufunse ngati pali khola lopanda nkhuku."

Anaimba. Nkhuku za m'khola lachitatu mlimiyo anali atagulitsa zonse dzulo lake.

Ndinawapatsa foni yanga. "Batani langa ndi ili. Lipepeseni."